Pa chithunzi cha invoisi ija ya jenereta

Ndikuyankha achemwali athu amene anaponya chithunzi cha invoisi m'gulu muno, kufunsa kuti ailemba bwanji m'mabuku a loji yawo ya kumudzi. Ndifotokoza motalika ndithu, mundipirire, chifukwa ambiri muno tili ndi mabizinesi ku Malawi amene timawaona pafoni pokha.

Achemwali, musanagwire kakyuleta, kulitsani chithunzicho ndi zala muone ngati chili chathunthu. Anyamata athu akamajambula amathamangira nambala yaikulu ya pansi, mutu wa pepala n'kuudula. Pamwamba paja ndi pamene pali dzina la wogulitsa, TPIN yake, tsiku ndi nambala ya invoisi, komanso dzina la loji yanu. Ngati palibe chosonyeza kuti munthuyo analembetsa VAT ku MRA, musafulumire kuiwerengera VAT imeneyo ngati ndalama yoti mudzaibweze. Auzeni ajambulenso, pepala litagona patebulo, pamodzi ndi lisiti ya makina a msonkho. Pepala lopindika limasandutsa 3 kukhala 8.

Chanuchi ndi chathunthu. Chikuonetsa ntchito yokonza jenereta, K800,000. Mzere wotsatira VAT ya 16.5 peresenti, K132,000. Pansi penipeni K932,000. Peresenti ya VAT muziiwerenga pa invoisi pomwepo n'kuifananiza ndi imene inkagwira ntchito pa tsikulo, chifukwa bajeti ya boma imatha kuisintha. Ndipo ife a kuno ku Joni tisalowetsepo 15 peresenti imene tinaizolowera ku SARS.

Chimene chakusokonezani ndi zolemba za bolopeni zili m'mbalimo, zakuti WHT 20%. Umenewo ndi msonkho umene wolipira amadula pa malipiro a mnzake n'kukaupereka yekha ku MRA m'dzina la mnzakeyo. Kuno pa invoisi wamba ya makaniko sitidula chilichonse, n'chifukwa chake ambiri zimatidabwitsa. Kwathu bizinesi yolembetsedwa ikamalipira ntchito ngati imeneyi imayenera kudula, pokhapokha mwini ntchitoyo ataonetsa setifiketi yochokera ku MRA yomukhululukira kudulidwa, imene nthawi yake siinathe.

Mvetsetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Misonkho iwiriyi imawerengedwa kuchokera pa nambala imodzi, K800,000 ija, mtengo wa ntchito VAT isanalowe. VAT imaonjezedwa pamwamba pake. Wodula uja amachotsedwa pa zimene mulipire. Choncho 20 peresenti ya K800,000 ndi K160,000. Makaniko alandira K932,000 kuchotsapo K160,000, zimene ndi K772,000.

Mnyamata wanu pa bolopeni paja walemba K186,400. Iye watenga 20 peresenti ya K932,000, ndiye kuti wadula msonkho pa msonkho unzake. Kusiyana kwake ndi K26,400, ndipo mukayesa muona kuti imeneyo ndi 20 peresenti ya K132,000 ndendende. Chizindikiro chake n'chimenecho: mukapeza kuti nambala zanu zikusiyana ndi ndalama yofanana ndi peresenti yodulayo pa VAT, dziwani kuti wina wawerengera pa nambala ya pansi. Izi zimandiwawa, abale, chifukwa wopwetekeka ndi makaniko. K132,000 ija si yake, ayenera kukaionetsa yonse pa fomu yake ya VAT ku MRA, pamene inu mwamutapirako kale.

Tsopano m'mabuku. Ine ndimakonda kulemba kawiri, tsiku la invoisi ndi tsiku lolipira, chifukwa kawirikawiri masikuwa amasiyana. Tsiku la invoisi, debiti ku akaunti ya zokonzetsa K800,000, debiti ku akaunti ya VAT ya pa zogula K132,000, kirediti kwa makaniko K932,000. Ngongole yanu kwa iye ndi yonse imeneyo. Tsiku lolipira, debiti kwa makaniko K932,000 kuti ngongole ithe, kirediti ku banki K772,000, kirediti ku akaunti ya msonkho wodula umene MRA ikudikira K160,000. Ndazilembanso apa monga zimaonekera pa kompyuta, kuti mukopere:

```
Dr Repairs            800,000
Dr VAT input          132,000
   Cr Supplier                932,000

Dr Supplier           932,000
   Cr Bank                    772,000
   Cr WHT payable             160,000
```

Mbali zonse ziwiri zikufika pa K932,000. Koma chonde, kufanana kwa mbali ziwirizi kusakugonetseni tulo, chifukwa ngakhale mutalemba K186,400 ija, debiti ndi kirediti zifananabe. Choyesera chenicheni ndi kugawa: K160,000 kugawa ndi K800,000 ikupatseni 0.2, ndipo K132,000 kugawa ndi K800,000 ikupatseni 0.165.

Cholakwika china chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amangoyang'ana pa sitetimenti ya banki, waona K772,000 yatuluka, n'kuilemba yonse ngati ndalama yokonzetsera jenereta. Akatero mtengo wa ntchito wachepa, VAT yoti akanaibweza yasowa, ndipo ngongole ya K160,000 ku MRA siikuoneka paliponse. Ndalamayo imakhala ikadali mu akaunti, ikuoneka ngati yanu, mpaka wina kugulira zakumwa za ku bala. Si yanu, mwangoisungira. Msonkho wodula umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, pamene fomu ya VAT ndi pofika pa 25. Mukaupereka, mulemba debiti ku WHT payable, kirediti ku banki, akauntiyo ibwerere pa ziro. Ikapanda kubwerera pa ziro mwezi ndi mwezi, pali china chimene sichinaperekedwe kapena chinalembedwa kawiri. Ndipo makaniko mumupatse setifiketi yosonyeza kuti mwamudula, chifukwa kwa iye K160,000 imeneyo ndi msonkho wolipiriratu umene adzauchotsere pa msonkho wake wa pachaka. Popanda pepalalo, kwa iye ndalamayo yangopita.

Achimwene ena anafunsa kuti nanga chithunzi chikangoonetsa nambala imodzi, n'kulembedwa kuti VAT ili momwemo? Musatenge 16.5 peresenti ya K932,000, mupeza K153,780, yomwe ndi yolakwika. Gawani K932,000 ndi 1.165, mubwerera pa K800,000, ndipo yotsalayo ndiye VAT. Mukatero m'pamene muwerengere wodula uja.

Zonsezi ndalankhula poganiza kuti loji ya achemwali inalembetsa VAT. Ngati bizinesi yanu siinalembetse, mulibe koibwezera, ndiye K932,000 yonse ipita ku zokonzetsa, mzere wa VAT input osaulemba. Koma wodula uja akhalabe K160,000, sasintha.

Pomaliza achemwali, mufunse makaniko ngati mu K800,000 muja muli masipeya. Kugulitsa katundu kuli ndi peresenti yakeyake yodula, 3 peresenti, yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya ntchito, ndipo a makontilakiti a zomangamanga nawonso ali ndi yawo. Ngati anaikamo fyuluta ndi oilo n'kuzibisa mu mzere umodzi, mumupemphe alembe invoisi yolekanitsa katundu ndi ntchito ya manja, kenako amene amakusungirani mabuku ayang'ane pa ndandanda wa MRA wa chaka chino musanatumize ndalama. Invoisi yatsopanoyo ikabwera muiponye muno tiwerengere limodzi.