Ndalama ya Fizi Ili Ndi Tsiku Lake

Mawu amene mtolankhani wathu analankhula pa msonkhano wa makolo kwa Dzoole, m'boma la Dowa

Ambiri mukudziwa kuti ndinasiya yunivesite ndili chaka chachiwiri. Ena mumati ndinalephera mayeso. Ayi ndithu, inalephera ndi ndalama.

Komatu bambo anga sanali aulesi. Anayamba kusunga mu 2007, ndili wamng'ono, ndipo zonse ankaika m'buku la ku banki. Mu Meyi 2012 kwacha inagwa, dola imene inali pafupifupi K168 nkufika pa K250, ndipo katundu anakwera. Ataona kuti ndalama ikusungunuka, anakatapa yonse nkugula nkhumba. Zinaswana bwino mpaka 2017, pamene chigodola chinapululutsa khola lonse kutangotsala mwezi umodzi kuti ndilipire.

Bambo analakwitsa kawiri. Nthawi ikadali yambiri anaigoneka ndalama, nthawi itatha anaiika pangozi. Chofunika ndi kutembenuza zimenezi.

Tiyerekeze kuti mwana wanu akuyamba Sitandade 3. Zaka 6 za pulayimale ndi 4 za sekondale, ndiye kuti pakatha zaka 10 akugogoda ku koleji. Tinene kuti chaka chimodzi kumeneko chikudya K500,000 lero. Mitengo ikamakwera ndi 20 pa 100 iliyonse chaka ndi chaka, pa zaka 10 ndalama ija idzakhala itapitirira K3,000,000. Buku la ku banki limene chiwongoladzanja chake nchochepera kakweredwe ka mitengo silingaipeze. Choncho zaka 10 zija zigaweni patatu.

Zaka 5 zoyambirira, sungani m'zinthu zimene mtengo wake umakwera limodzi ndi katundu wina. Gulani mbuzi zazikazi ziwiri. Mbuzi imatenga bere miyezi 5, ndipo yodyetsedwa bwino imatha kuswa katatu pa zaka ziwiri. Dzalani bulugamu m'malire a munda chaka choyamba chomwecho, pakuti mtengo wodzala mochedwa sudzakhala utakula pa tsiku la fizi. Inu a m'tauni muli ndi msika wa masheya ku Blantyre. Zonsezi zikhoza kugwa, koma pa nthawi imeneyi kugwa sikupha. Mbuzi ikafa mwana ali Sitandade 5, mpata woyambiranso ulipo. Koma musaunjike zonse m'khola limodzi monga anachitira bambo anga.

Kuchokera chaka cha 6 mpaka cha 8, yambani kutuluka pang'onopang'ono. Chaka chilichonse gulitsani gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene mwaikira chaka choyamba cha koleji. Gulitsani pamene inu mwafuna, osati pamene mwapanikizika. Mukudziwa nokha mmene zimakhalira pa Mponela mu Januwale ndi Febuluwale: njala ikavuta aliyense amakoka mbuzi kupita ku msika, ndipo mavenda ndiwo amatchula mtengo. Ndalama yake ikeni ku Sako, kapena muitsekere ku banki kwa miyezi yodziwika. Kudzera ku banki mukhozanso kubwereketsa boma kwa masiku 91, 182 kapena 364.

Zaka ziwiri zomaliza, fizi ya chaka choyamba isakhalenso ya miyendo inayi, isakhale m'munda wa fodya, isakhalenso pa ngongole kwa mlamu wanu. Werengani masiku chobwerera. Ngati sukulu ikutsegulira mu Seputembala, ndalama yotsekera ikhwime mu Ogasiti, osati mu Novembala. Kuitsegula nthawi isanakwane kumakudyerani chiwongoladzanja.

Musaiwale kuti koleji ndi zaka 4, kotero masiku olipira ndi ambiri. Fizi ya chaka chachinayi ikhoza kukhalabe mbuzi pamene mwana akuyamba. Chaka chilichonse chikhale ndi thumba lake, ndipo thumba lililonse lituluke m'khola nthawi yake ikayandikira.

Wina afunsa za banki m'khonde. Ndi yabwino posonkhetsa ndalama za chaka chimodzi, koma si nkhokwe ya zaka 10. Tsiku logawana, gawo la mwana lipite komwe mwakonza lisanagone m'nyumba.

Ndisakunamizeni, njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo amene anali atagulitsa kale ziweto analuza. Nchifukwa chake ndikuti musagulitse zonse chaka chimodzi, ndiponso chaka chilichonse muzifunsa fizi yatsopano nkuwerengeranso. Komabe ndalama yochepa mphamvu imalipirako teremu imodzi, pamene khola lopanda kanthu sililipira ngakhale tsiku.

Mukafika kunyumba madzulo ano, lembani pa pepala chaka chimene mwana adzafune ndalama. Kenako muyang'ane chilichonse chimene mwasunga nkudzifunsa kuti: ichi chitafa mawa, kodi nthawi yoyambiranso ilipo? Ngati palibe, chigulitseni msika ukadali bwino.