MAFUNSO A BWALO LA OYESA: KUTETEZA KAFUKUFUKU WA ZA MALAMULO PA NKHANI YA MAKHANGA

Mawu amene analankhula mmodzi wa ophunzira akale, amene anaphunzira za malamulo, pa msonkhano wa bungwe lathu.



Komiti inandipempha kuti ndifotokoze zimene zimachitika pamene wophunzira wa za malamulo aimirira pamaso pa aphunzitsi ake kuti ateteze dongosolo la kafukufuku wake. Kafukufukuyo amakhala asanayambe. Wophunzira amangobweretsa mapepala ochepa onena zimene afuna kufufuza ndi m'mene adzafufuzire, ndipo bwalo la oyesa limagamula ngati apitirire kapena akalembenso. Ndaona kuti njira yabwino ndi kuchita ngati sewero. Ine ndikhala oyesa atatu, ndipo tiyerekeze kuti pamaso panga paima mwana wathu wamkazi wa kuno ku Makhanga, amene mutu wake walemba kuti: "Kusamutsa anthu a ku Makhanga chifukwa cha madzi osefukira."

Nkhaniyo tonse tikuidziwa. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake nudula Makhanga, ndipo Boma linalengeza kuti maboma 15 agwa m'ngozi. Madzi anabweranso ndi Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Nthawi zonsezi mawu akuti anthu asamukire ku mtunda akhala akumveka. Mwana wathu adziwa zimenezi koposa oyesa ake, koma kudziwa nkhani si kukhala ndi funso la malamulo ayi.

Woyesa woyamba ayamba motere: "Mayi, mutu wanu tauwerenga. Tsono funso lanu ndi lotani?" Ambiri amagwa pomwepa. Amayankha kuti afuna kuonetsa m'mene anthu akuvutikira. Woyesa adzati kuvutika kwa anthu angakulembe mtolankhani, ndipo wa za malamulo ayenera kufunsa chimene bwalo la milandu lingayankhe. Yankho loyenera ndi ili: "Bwana, funso langa ndi limodzi. Munthu akasamutsidwa ku Makhanga, kodi amakhalabe mwini wa munda wa makolo umene wausiya? Ndipo ngati sakhalanso mwini, kodi lamulo limupatsa chipukuta misozi?" Onani kusiyana kwake. Mutu woyamba unali thumba lonyamula njala, sukulu, chipatala ndi misewu. Funso lachiwirili lili ndi munthu mmodzi, chinthu chimodzi, ndipo lingayankhidwe kuti inde kapena ayi.

Woyesa yemweyo apitiriza: "Malamulo amene mudzawerenge ndi ati?" Kuyankha kuti "malamulo oyendetsera dziko" n'kosakwanira, pafunika kutchula ndime. Mwana wathu atchule ndime 28 ya malamulo aakulu a 1994, imene imati munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa, ndi ndime 39, imene imapatsa munthu ufulu woyenda ndi kukhala kulikonse m'dziko muno. Atchulenso ndime 43, imene imalamula kuti Boma likagamula chinthu chokhudza ufulu wa munthu lichite motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndipo lipereke zifukwa zolembedwa. Pomaliza pali ndime 44, imene ili ngati muyeso. Imalola kuchepetsa ufulu pokhapokha pali lamulo lonena zimenezo ndipo kuchepetsako kuli koyenera ndi kofunikadi. Imanenanso kuti Boma lingatenge katundu wa munthu pa ntchito yothandiza anthu onse, litamudziwitsa mokwanira ndi kumulipira moyenera, ndipo munthuyo akhale ndi mwayi wokadandaula ku bwalo la milandu.

Apa woyesa atchera msampha wa chaka. "Anthu amene anachoka mu 2015 mudzawayeza ndi lamulo liti la za ngozi?" Wophunzira wosakonzeka adzatchula lamulo la 2023, chifukwa ndilo latsopano. Koma mu 2015 ndi mu 2019 linali kugwira ntchito lamulo la 1991 lokonzekera ngozi ndi kupereka chithandizo, ndipo la 2023 Nyumba ya Malamulo inalivomereza Freddy atadutsa kale. Chimodzimodzi lamulo la malo a makolo la 2016 linayamba kugwira ntchito mu 2018, nkukonzedwanso mu 2022. Choncho ndikulangiza kuti mwana wathu alembe tsamba limodzi: kumanzere zaka za madzi, kumanja lamulo limene linalipo chaka chimenecho. Tsamba limenelo limayankha mafunso angapo asanafunsidwe.

Woyesa wachiwiri ndiye wovuta, chifukwa ntchito yake ndi kugwetsa mfundo. Adzati: "Mayi, mukuti Boma lilipire. Koma analanda munda ndani, Boma kapena Ruo? Mtsinje sitingautengere ku khoti." Funso limeneli ndilo mtima wa kafukufuku yense, ndipo sayenera kulithawa. Ayankhe pogawa minda pawiri. Pali munda umene unakwiririka ndi mchenga kapena umene mtsinje ukudutsamo tsopano. Pamenepo palibe amene walanda, ndipo ndime 44 siifika. Koma pali munda wina umene madzi akaphwa umabala chimanga, mbatata ndi nyemba za kudimba. Ngati munthu auzidwa kuti asakagonenso kumeneko koma angathe kukalimako, wataya malo okhala okha, ndipo nkhani ili pa ndime 39. Ngati aletsedwa ndi kulima komwe, kapena munda wake waperekedwa kwa wina, pamenepo ndiye tingayambe kunena za kulanda ndi kulipira.

Woyesa sakhutira msanga. "Nanga Boma likati silinalande, langoteteza moyo? Kodi si ntchito yake?" Mwana wathu avomere kuti mfundo imeneyi ndi yamphamvu, chifukwa kuteteza moyo ndi chifukwa chomveka chochepetsera ufulu. Kenaka aonetse kuti ndime 44 imafunsa zoposa cholinga chabwino. Kodi pali ndime ya lamulo imene inapereka mphamvu yosamutsa? Kodi panalibe njira yopepukirapo, monga kugona ku mtunda m'dzinja ndi kulima kudimba m'chilimwe? Oyesa amakondwera ndi wophunzira amene adziwa mfundo ya omutsutsa bwinobwino.

Funso lotsatira ndi la umwini. "Munda wopanda pepala mukuutcha katundu?" Ayankhe kuti lamulo la 2016 limazindikira malo a makolo, ndipo limatsegula njira yowalembetsa kudzera mu komiti ya malo ya m'dera la gulupu, imene mwa anthu 6 osankhidwa atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Aonjezere kuti kwathu kuno Asena amatsata mzere wa bambo pomwe Amang'anja amatsata wa mayi. Tsono poti "mwini munda" ayenera kunena ngati ndi bambo, mayi, mayi wamasiye kapena banja lonse, chifukwa malo atsopano akalembedwa m'dzina la munthu mmodzi ena angatsale m'manja muli gwa.

Woyesayu ali ndi misampha ina iwiri. Woyamba: "Pangano la ku Kampala la 2009 limateteza anthu othawa kwawo m'dziko lawo lomwe. Si ndiye nkhani yatha?" Ayankhe kuti ndime 211 imati pangano la pakati pa mayiko lopangidwa malamulo aakulu atayamba kale kugwira ntchito limakhala lamulo la Malawi Nyumba ya Malamulo italilowetsa. Choncho adzaligwiritsa ntchito pounikira, koma sadzalitenga ngati lamulo lomanga khoti asanaonetse kuti linalowetsedwa. Wachiwiri: "Ruo ndi malire a Malawi ndi Mozambique. Mtsinje utasuntha, malire anasuntha?" Funsoli ndi lokoma, koma ndi nyambo. Yankho lake ndi lalifupi: "Bwana, imeneyo ndi nkhani ya malamulo a pakati pa mayiko, ndipo ili kunja kwa kafukufuku wanga." Amene ayesa kuyankha funso lililonse amaonetsa kuti sadziwa malire a munda wake.

Woyesa wachitatu amafunsa za kayendetsedwe ka ntchito. "Ngati funso lanu liyankhidwa ndi mabuku ku Zomba, mukukatani ku Makhanga?" Anene kuti mabuku adzamuuza chimene lamulo limanena, koma kuti adziwe ngati anthu analetsedwa kulima, ngati anapatsidwa kalata, ndi ngati malo atsopano analembedwa, ayenera kufunsa eni ake, mafumu a m'dera la Mfumu Yaikulu Mlolo, ndi ogwira ntchito za malo ndi za ngozi ku Nsanje. Tiyerekeze kuti wakonza kucheza ndi mabanja 20, theka osamuka ndi theka otsala. Woyesa adzafunsa ngati mabanja 20 angalankhulire Makhanga yense. Ayankhe kuti ayi, ndipo sadzalemba kuti "anthu ambiri akuti". Adzangoonetsa mitundu ya milandu imene ilipo, ndi chimene lamulo linganene pa mtundu uliwonse.

Kenaka adzati: "Inu ndinu wa komweko. Tidzakhulupirira bwanji?" Asabise. Anene kuti kudziwa Chisena kudzamuthandiza, koma sadzafunsa abale ake, adzafunsa amayi paokha, ndipo chimene munthu wanena adzachiyerekeza ndi zolembedwa za ku boma. Atchulenso vuto ili: m'dera limene mabungwe akhala akulemba maina, munthu akaona cholembera amaganiza za ufa ndi malata, ndipo angayankhe zimene aganiza kuti zibweretsa chithandizo. Chizindikiro chake n'chakuti mayankho onse amafanana mawu ndi mawu. Choncho asanafunse chilichonse anene poyera kuti iye ndi mwana wa sukulu, alibe chogawa, dzina la munthu silidzalembedwa, ndipo wosafuna angakane. Chilolezo cha komiti yoona za khalidwe la kafukufuku achipeze asanakwere basi. Ulendo wake auike m'chilimwe, chifukwa pakati pa Disembala ndi Malichi msewu wa ku Thabwa ndi bwato la ku Bangula sizodalirika.

Funso lomaliza limabwera nthawi zonse: "Mukapeza chiyani kuti munene kuti munalakwa?" Ayankhe kuti akapeza kuti palibe amene analetsedwa kulima munda wake wakale ndipo onse anasamuka mwa kufuna kwawo, mfundo ya chipukuta misozi idzagwa, ndipo adzalemba choncho. Amene sangayankhe funso limeneli wagamula kale mlandu asanamve mboni.

Pempho langa kwa bungwe ndi ili. Wophunzira wathu akayandikira tsiku lake, tipeze anthu atatu, mmodzi afunse za funso ndi malamulo, wina atsutse mfundo, wachitatu afunse za ulendo. Timupatse mphindi 10 zolankhula ndi mphindi 20 za mafunso, popanda womuthandiza. Yankho likapitirira mphindi 2 timudule, ndipo funso limene wakakamira alilembe nakakonze pepala lake usiku womwewo. Kuli bwino agwe pamaso pathu, pamene kugwako kulibe malikisi.

A Wapampando, ndaima pamenepa.