Cithunzi Cosaoneka Bwino: Mafunso Ofunika Kumfunsa Mlimi

Mau amene mlangizi wa zaulimi analankhula kwa alimi otsogolera anzao a ku Cigawo ca Kum'mawa



Ambiri a inu muli ndi foni, ndipo anzanu a m'midzi amakudalirani. Tsiku lina foni ilira, muona kuti mwalandira cithunzi. M'cithunzimo muli zobiriwira, pakati pake timawanga toyera, koma zonse ndi mbuu ngati wojambulayo anali kuthamanga. Palibe moni kapena dzina la mudzi, ndipo funso palibenso. Kodi mudzayankha ciani?

Ambiri timafulumira kuchula dzina la mankhwala, poopa kuti tingaoneke osadziwa. Koma tikumbukire kumene tacokera. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inadula cimanga cisanakhwime, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 boma linalengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Mabanja ambiri anagulitsa mbuzi ndi nkhuku kuti apeze ufa. Banja lotere likabwerera kumunda, ndalama imene ili m'manja imakhala yowerengeka. Ikapita ku botolo la mankhwala osayenera, ndiye kuti fataleza sagulidwa. Conco yankho loyamba pa cithunzi cotere liyenera kukhala mafunso. Ndikufotokozerani zimene zinandicitikira, kuti muone mafunsowo ndi cifukwa cake.

Mwezi wa Januwale wina ndinalandira cithunzi ca mtundu umenewu. Ndinaimba pa nambala yomweyo, anayankha mnyamata. Anati foni ndi yake koma munda ndi wa amai ake. Ndinamupempha kuti apite nayo foni kumunda ali ndi amai akewo, cifukwa amene amalima ndiye amadziwa mbiri ya munda. Musalole kufunsa munthu wotumidwa cabe, ndiponso musafunse mlimi ali pakhonde. Akhale ataimirira pakati pa mbeu zake.

Nditawapatsa moni ndinati, “Amai, cavuta n'ciani, ndipo mufuna kucita ciani?” Anayankha kuti, “Atate, masamba a cimanga ali ndi mawanga. Kusitolo akuti ndi nchembere zandonda, ndigule mankhwala. Koma ndalama ndili nayoyi ndinasungira yureya.” Mwaona, funso linalipo ngakhale silinalembedwe. Amai aja anafuna kudziwa ngati agule mankhwala kapena fataleza wapamwamba. Dzina la matenda silinali kuwavuta. Mlimi aliyense wotumiza cithunzi ali ndi cimene akuganiza kucita mawa. Yambani mwacidziwa cimeneco.

Funso laciwiri ndi la mbeu ndi msinkhu wake. Ndi mbeu yanji, inabzalidwa liti, ndipo yafika pati? Pa cithunzi cosaoneka bwino tsamba la cimanga ndi la mapira zimafanana. Msinkhu nao umathandiza kwambiri, pakuti vuto lililonse lili ndi nthawi yake. Matenda a mawanga otuwa, mwacitsanzo, amakonda kuonekera cimanga cikayandikira kumasula, makamaka kukakhala mvula ya masiku ambiri ndi mame osauma msanga. Amai aja anati anabzala pakati pa Disembala, papita masabata anai, ndipo cimanga cafika m'mawondo. Pamenepo ndinayamba kukayika zoti ndi matenda amenewo, cifukwa cimanga cinali cikali cacing'ono.

Funso lacitatu: mawangawo ali pa masamba ati? Funsani ngati ali pa masamba a m'munsi, a pakati, kapena mumtima mwa cimanga momwe mumatulukira masamba atsopano. Matenda a mawanga otuwa amakhala m'mapesi a caka catha, conco amayambira pa masamba oyandikira nthaka n'kumakwera pang'onopang'ono. Njala ya fataleza wapamwamba nayonso imayambira m'munsi, koma siicita mawanga: tsamba limasanduka cikasu kuyambira kunsonga n'kumatsata msempha wa pakati. Nchembere zandonda, zimene zinafika kuno ku Zambia kumapeto kwa 2016, zimabisala mumtima ndi kudya masamba anthete. Amai aja anati mawanga ali pa masamba apamwamba otambasuka, koma tsamba limene likutuluka kumene mumtima lilibe kanthu.

Funso lacinai limafuna manja a mlimi, ndipo ndi pamene foni singathandize. Muuzeni athyole tsamba limodzi, alipukute ndi cala, kenaka alikweze kudzuwa. Ngati cala catuluka ndi fumbi lofiirira ngati la khasu locita dzimbiri, amenewo ndi matenda a dzimbiri. Ngati wanga lili lalitali, la ngodya zinai, lotsekeredwa pakati pa mitsempha ya tsamba ngati kamtengo ka macisi, ganizirani za mawanga otuwa. Ngati pamalopo pakuoneka kuwala ngati kazenera, cifukwa cobiriwira capalidwa n'kutsala kakhungu kopyapyala, pamenepo padya kacirombo kakang'ono. Zikatero atsegule mtima wa cimanga ndi kuyang'ana ndowe zonga utuci wa matabwa. Amai aja anapukuta, cala cinatuluka coyera. Mawanga anali ozungulira, oyera pakati, ofiirira m'mphepete, ena aakulu ena aang'ono ngati madontho a madzi. Anatsegula mitima isanu, sanapeze ndowe kapena cirombo.

Funso lacisanu ndi la munda wonse. Cithunzi cimaonetsa tsamba limodzi, ndipo mlimi amasankha loipitsitsa. Conco funsani ngati vuto lili paliponse, kapena mbali imodzi, kapena m'zigawo zina cabe. Musakhutire ndi yankho lakuti “munda wonse watha,” pakuti munthu wamantha amatero. Mpempheni ayende m'munda mokhotakhota, aime malo asanu otalikirana, ndipo pa malo alionse ayang'ane mapesi 10. Onse pamodzi akhala 50. Pa nchembere zandonda, cimanga cikali cacing'ono, alangizi amayamba kuganiza zopopera ngati mapesi pafupifupi 10 mwa 50 ali ndi zizindikiro zatsopano za kudyedwa. Akacepa kuposa pamenepo, mlimi wa munda waung'ono angathe kuzicotsa ndi manja n'kudzayang'ananso pakapita masiku ocepa. Amai aja atayenda anaimbanso. Ku malire a kum'mawa mapesi onse 10 anali ndi mawanga. Pa malo aciwiri anali atatu. Malo atatu otsalawo analibe ngakhale limodzi.

Ndinawapempha ayang'anenso udzu wa kumalireko. Anati cisoso ndi bonongwe nazonso zili ndi mawanga omwewo. Apa mumvetse bwino. Matenda a cimanga amene tachulawa sagwira cisoso. Mukaona mawanga ofanana pa cimanga ndi pa zomera zina zosiyana naco, onse mbali imodzi ya munda, dziwani kuti pali cinthu cinagwera pamenepo kucokera kunja.

Ndiye funso lacisanu ndi cimodzi: cinacitika n'ciani masiku apitawa? Kodi mawanga anabwera tsiku limodzi kapena pang'onopang'ono? Munathira ciani? Kunagwa matalala? Anansi anu anapopera? Yureya ikagwera pa tsamba lonyowa kapena mumtima imawaula. Sipuleya imene inali ndi mankhwala a udzu, ikapanda kutsukidwa bwino, imawaula mbeu paliponse pamene yadutsa. Amai aja anakumbuka kuti masiku atatu m'mbuyomo mnansi wao anapopera udzu m'munda mwake masana kuli mphepo, ndipo mawanga anaoneka m'mawa mwake. Alipo mankhwala a udzu, monga parakwati, amene amapsereza pokhapo pamene dontho lagwera, osayenda m'thupi mwa mbeu. Mphepo inatenga timadontho n'kutigwetsera pa mizere ya kumalire.

Ndinawauza kuti asagule mankhwala. Koma sindinaone munda ndi maso anga, conco ndinawapatsa njira yodzitsimikizira okha. Anamanga kansalu pa mapesi asanu a kumalire, kuti pakapita masiku asanu ayang'ane masamba atsopano. Wanga la kupsa silikula ndipo silisamukira pa tsamba latsopano, pamene matenda amaculuka ndi kukwera. Anagula thumba lao la yureya la makilogalamu 50, lokwanira lima imodzi, n'kuthira nthaka ili yonyowa. Pa tsiku lacisanu mnyamata uja anaimba kuti masamba atsopano atuluka obiriwira bwino. Akanapopera mankhwala a zirombo masamba akanatulukabe abwino, ndipo amai aja akanayamika botolo limene silinacite kanthu, cimanga cili ndi njala.

Za mnansi uja ndinawalangiza kuti akambirane naye mwamtendere, kuti tsiku lina azipopera m'mawa kulibe mphepo, ndipo kumalire azipalira ndi khasu.

Tsono mukafunsa mafunso onsewa, pemphani zithunzi zina zitatu. Coyamba ca munda wonse, mlimi ataima patali. Caciwiri ca phesi limodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Cacitatu ca tsamba ali ataliika pa cikhato, mbali zonse ziwiri. Ayambe wapukuta diso la kamera ndi nsalu yoyera, dzuwa likhale kumbuyo kwake, ndipo asayandikize foni kwambiri, pakuti kuyandikiza ndi kunjenjemera kwa dzanja ndiko kumacititsa cithunzi kukhala mbuu.

Dziwaninso malire anu. Nthawi zina mayankho sagwirizana, kapena mavuto awiri amakhala pa phesi limodzi. Ngati mawanga akukwera kufika pa masamba a pamwamba pa cisononkho cimanga cisanakhwime, kapena mbeu zikufota nthaka ili yonyowa, musaweruze pa foni. Pitani kumunda, kapena tumizani uthenga kwa mlangizi wa boma wa m'kampu yanu, ndipo mlimi atenge masamba odwala ndi abwino omwe m'pepala louma, osati m'pulasitiki momwe amaola msanga. Ndipo akapezeka kuti ndi mawanga otuwa, thandizo lalikulu lili caka camawa: m'mundamo mubzalidwe nshawa kapena soya, mapesi odwalawo asakaphimbire munda wina wa cimanga, ndipo pogula mbeu afunse yopirira ku matendawa.

Mafunso asanu ndi limodziwa muwalembe kumbuyo kwa buku lanu la alimi, ndipo pansi pake muzilemba tsiku, mudzi ndi mayankho a mlimi aliyense. Anthu atatu a dera limodzi akakuuzani zofanana m'sabata imodzi, dziwitsani mlangizi msanga.

Amene ali ndi zithunzi zotere m'foni mwao azibweretse kutsogolo kuno, tiyese kufunsana mafunsowa awiriawiri.