NTHENDA YA SHUGA: YA MWANA SI YA AGOGO

Nkhani ya lero ikunka kwa makolo a ku Kitwe ndi ku Ndola amene mwana wao wapezeka ndi nthenda ya shuga masiku omwe ano. Nthendayi dzina lace ndi limodzi, koma iri ya mitundu iwiri, ndipo banja losokoneza mitunduyi likhoza kutaya mwana.

Nsima ikafika m'mimba isanduka shuga, ndipo shugayo alowa m'magazi. Kuti apatse munthu mphamvu ayenera kucoka m'magazimo ndi kulowa m'minofu. Comtsegulira njira ndico insulini, imene ipangidwa m'kapamba. Insulini iri monga mlonda wa pa cipata ca mgodi: iye akasowa, anchito aunjikana kunja, ndipo nchito iima.

Mu mtundu woyamba mlondayo palibe. Asilikali a m'thupi, amene nchito yao ndiyo kulimbana ndi matenda, asokera naononga tizigawo ta kapamba topanga insulini. Mtundu uwu ugwira makamaka ana ndi acinyamata, ndipo uoneka msanga, pa masabata owerengeka. Sudza cifukwa ca kudya zotsekemera, ngakhale cifukwa ca ufiti, ndiponso supatsirana.

Mu mtundu waciwiri mlonda alipo, koma zitseko zacita dzimbiri. Kapamba apangabe insulini, koma thupi siliimvera bwino. Mtundu uwu udza pang'ono-pang'ono, kawiri-kawiri kwa akulu onenepa, ndipo uyenda kwambiri m'mtundu. Mwa odwala shuga 10, pafupi-fupi 9 ali ndi mtundu umenewu. Acinyamata onenepa nawonso akhoza kuudwala, cotero wonena mtundu wa mwana ndi dokotala yekha.

Nacho citsanzo. Mnyamata wa zaka 14 wa ku Chamboli amwa madzi kosalekeza, akodza usiku wonse, ndipo aonda ngakhale adya kwambiri. Ku Kitwe Teaching Hospital ampima magazi napeza 22 mmol/L, pamene 11.1 yokha, pamodzi ndi zizindikiro zotere, ikwanira kutsimikiza nthenda. Dokotala amlembera insulini. Koma m'nyumba momwemo muli agogo ace, amene amwa mapiritsi a metifomini zaka zambiri osabayidwa, ndipo afunsa kuti, "Bwanji osampatsako mdzukulu wanga mapiritsi angawa?"

Funso la agogo ndi la cikondi, koma yankho lace ndi iai. Mapiritsiwo athandiza thupi kumvera insulini imene iripo kale. Mnyamatayo alibe insulini yoti imveredwe. Mapiritsi, mizu, ngakhale kusala zotsekemera, zonsezi sizilowa m'malo mwa jekeseni. Insulini siimwedwa, pakuti m'mimba igayidwa monga ndiwo ya nyama.

Pali msampha wina. Patapita masabata pang'ono mwana ayamba kunenepa, ndipo dokotala acepetsa muyeso wa insulini. Acibale ayesa kuti wacira. Sanacire ai, tizigawo totsala m'kapamba tagwirako nchito kanthawi, ndipo nato tidzatha. Akaleka kubaya, thupi liyamba kuocha mafuta ace, ndipo m'magazi mucuruka asidi wochedwa maketoni. Mwana asanza, amva m'mimba kupweteka, apuma mozama ndi mofulumira, m'kamwa mununkha ngati zipatso zakupsa, kenaka akomoka. Izi zikhoza kucitika pa tsiku limodzi kapena awiri. Wotere athamange naye ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Ku Ndola kuli cipatala ca ana ca Arthur Davison. Ngakhale mwana adwale malungo nakana kudya, insulini isalekedwe. Dokotala ndiye anene muyeso wace.

Ngozi yaciwiri ndiyo ya shuga wocepa. Mwana akabaya koma osadya, kapena akasewera mpira nthawi yaitali, shuga atsika pansi pa 4 mmol/L. Anjenjemera, acita thukuta, ndipo ayankhula zosamveka. Ampatse masupuni ang'ono 3 kapena 4 a shuga m'madzi, adikire mphindi 15, ampimenso, ndipo akatsitsimuka adye cakudya. Koma wokomoka asamthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Amgoneke cam'mbali ndi kupita naye ku cipatala. Aphunzitsi ace adziwe zimenezi, ndipo m'thumba mwace musasowe masiwiti.

Kale mwana wa mtundu woyamba sanali kukhala nthawi yaitali. Mu 1921, ku Toronto m'dziko la Canada, Frederick Banting ndi Charles Best anapeza insulini, ndipo mu 1922 woyamba kubayidwa anali mnyamata Leonard Thompson. Lero mwana wobaya tsiku ndi tsiku aphunzira, agwira nchito, namanga banja lace. Agogo asunge mapiritsi ao, mdzukulu asunge insulini yace pozizira, ndipo pasakhale kusinthana.