Kuchoka m'Kaundula wa Msonkho wa VAT

Malonda akatsika osafikanso pa mlingo wa pachaka umene lamulo linaika, wamalonda angathe kupempha bungwe la MRA kuti limufufute m'kaundula wa msonkho wa VAT. Koma kutsika kwa mwezi umodzi si umboni.

Mwini golosale amene fakitale yoyandikana naye yatsekedwa alembe kalata yotchula nambala yake ya TPIN, ndalama zimene wagulitsa mwezi uliwonse pa miyezi 12 yapitayo, ndi katundu wotsala m'sitolo. Afotokozenso za fakitaleyo, pakuti ndiyo ikusonyeza kuti malondawo sadzuka msanga.

Ambiri amalakwa podikira yankho. Kufikira bungwelo litavomera, iye akadali m'kaundula: azidulabe msonkhowo, ndipo lipoti la mwezi lizifika pasanapitirire pa 25 mwezi wotsatira, ngakhale sanagulitse kanthu. Akangosiya yekha, chindapusa chimamutsata.