Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potseka Maphunziro Okonza Mapositala pa Foni



Mapositala mwapachika kukhomawa ndawaona, ndipo luso lilipo. Koma pempho langa lero ndi limodzi: positala yanu ya mawa ifanane ndi ya lero. Kasitomala amene akupyola masitetasi a WhatsApp sawerenga dzina poyamba. Diso lake limayamba lagwira mtundu ndi kaimidwe ka zilembo. Mukamasintha zimenezi sabata ndi sabata, tsiku lililonse amakuonani ngati mlendo.

Tiyerekeze mayi woweta nkhuku zanyama. Wasankha mitundu itatu: wobiriwira wakuda ngati masamba a mango, wachikasu, ndi woyera. Vuto ndi lakuti mu Canva kapena PixelLab kubiriwira kulipo kwa mitundumitundu, ndipo ukamasankha ndi chala, lero upeza kwina, mawa kwina. Mankhwala ake ndi nambala. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yakeyake ya zizindikiro zisanu ndi chimodzi. Wobiriwira wa mayiyu ndi #1B5E20, wachikasu ndi #FFC107, woyera ndi #FFFFFF. Nambalazi azilembe m'kope lomwe amalembamo ngongole za makasitomala, chifukwa foni imatayika, imabedwa, imagwera m'madzi. Akagula foni ina, kapena akatuma mwana wake kuti amukonzere positala, angolemba nambalazo pamalo osankhira mtundu, ndipo kubiriwira kudzabwera komwe kuja.

Mtundu uliwonse aupatsenso ntchito yake. Wobiriwira ndi wa kumbuyo, woyera ndi wa mawu, wachikasu ndi wa mtengo basi. Asadzalembe mawu achikasu pamalo oyera. M'nyumba amaoneka, koma munthu akatulutsa foni padzuwa la Okutobala, mtengo wa nkhuku uja umazimiririka.

Pa zilembo, mitundu iwiri yakwana. Wina wonenepa wa mutu, monga Anton, wina wosavuta kuwerenga wa mawu otsalawo, monga Open Sans. Zilembo zopindikapindika zija zisiyireni makhadi a ukwati. Chimene ndimaumirira kwambiri ndi manambala. Musanakondwe ndi kalembedwe kalikonse, lembani nambala yanu ya Airtel Money kapena Mpamba, muone ngati 1 sakufanana ndi 7, ngati 3 sakufanana ndi 8. Nambala imodzi ikawerengedwa molakwika, ndalama ya nkhuku yapita kwa munthu wosamudziwa. Ndipo amene mumalemba ŵ, monga m'dzina lakuti Malaŵi, muyeseni kaye, pakuti si kalembedwe kalikonse kali naye. Mukaona kabokosi, kapena chilembo chimenecho chikusiyana ndi zinzake, sankhani kena.

Akatero, mayi wathu akonze positala imodzi yokhazikika: dzina la bizinesi pamwamba, chithunzi cha nkhuku zake zenizeni pakati, mtengo m'munsi mwake, nambala ya foni pansi penipeni. Imeneyo asamaigwirenso. Mtengo ukakwera, adine Make a copy mu Canva, asinthe mtengo wokha pa kope latsopanolo. Ntchitoyo ndi ya mphindi zochepa, ndipo bandulo siitha ngati mmene imathera munthu akamafufuza zokongoletsera zatsopano tsiku ndi tsiku. Canva imafuna intaneti. Kwa inu amene netiweki imavuta kwanu, PixelLab imagwira ntchito pa Android popanda bandulo. Mu Canva, chilichonse chokhala ndi kachisoti kachifumu ndi cholipira. Chilambalaleni, zaulere zilipo zokwanira.

Ndimalize ndi za kusindikiza, poti ndi pamene ndalama imatayikira. Positala ya pa sitetasi ndi yaitali, 1080 x 1920, pamene yomata pakhoma la golosale ikhale ya A4. Musakoke imodzi kuti ilowe m'malo mwa inzake, nkhuku ingaoneke yophwanyika. Konzani ziwiri, mitundu ndi zilembo zomwezo. Yopita kosindikiza muitsitse mu Canva ngati PDF Print, ndipo potumiza pa WhatsApp muitumize ngati Document, chifukwa mukaitumiza ngati chithunzi imafinyidwa, zilembo n'kutuluka zosaoneka bwino m'mphepete. Dziwaninso kuti foni imawalitsa mtundu ndi kuwala kwake, pamene pepala limangolandira inki, choncho kubiriwira kuja kudzatuluka kozizirirapo. Sindikizani pepala limodzi kaye, mulimate pakhoma, muime patsidya pa msewu. Ngati mtengo ndi nambala zikuwerengeka muli pamenepo, lipirani mapepala otsalawo.

Aphunzitsi, ndikupempheni kuti aliyense asatuluke muno asanalembe m'kope mwake nambala zitatu za mitundu yake ndi mayina awiri a zilembo zake. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsekedwa.