Zatha, Zikuchitika Kapena Zatsala? Nthawi ya Mneni m'Maimelo a Chitukuko

Mawu amene adakambidwa pa msonkhano wa alembi a makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera



Masiku ano malipoti ambiri a ntchito za chitukuko amafika ku khonsolo pa imelo, ndipo ochuluka amalembedwa m'Chingerezi. Wowerenga lipoti amakhala ndi funso limodzi lalikulu: kodi ntchitoyi yatha, ili mkati, kapena sinayambe? Yankho lake limabisala mu mneni. Mneni akasokonekera nthawi, wowerenga amangoganizira, ndipo kuganizira kumeneko n'kumene kumachedwetsa malipiro a omanga ndi kutumiza galimoto kumene siikufunika.

Chitsanzo nachi. Mlembi wa komiti yoyang'anira ntchito yomanga mdadada wa sukulu walemba motere:

"The contractor came on 3 June and bring cement. The builders finish the roof. The borehole was broken."

Ziganizo ndi zitatu, ndipo chilichonse chili ndi vuto lakelake. Mlembiyu si mbuli ayi. Iye waganiza bwinobwino m'Chichewa, koma Chingerezi chimaika nthawi pamalo ena ndiponso m'njira ina.

Chiganizo choyamba chili ndi aneni awiri, woyamba wa nthawi yakale, wachiwiri wa nthawi yatsopano. M'Chichewa munthu amati, "Kontirakitala adabwera n'kubweretsa simenti." Nthawi yatchulidwa kamodzi kokha, mu "adabwera", ndipo "n'kubweretsa" wangotsamira pa mnzakeyo. Akhoza kutsatizana aneni anayi kapena asanu, onse n'kumveka kuti ndi za kale. Chingerezi sichilola zimenezi: mneni aliyense amasenza yekha nthawi yake. Choncho mawu oyenera ndi "came and brought". Vutoli si lovuta kulipeza. Mlembi ayang'ane mneni aliyense wobwera pambuyo pa "and" kapena "then", naone ngati nthawi yake ikugwirizana ndi ya mneni woyamba.

Chiganizo chachiwiri ndicho choopsa kwambiri. Mawu akuti "finish the roof" sakunena ngati omanga amaliza kufolera, akufolerabe, kapena adzafolera mtsogolo. M'Chichewa nthawi imakhala cha kumayambiriro kwa mneni: adamaliza, akumaliza, adzamaliza. Palibe amene angasiye "da", "ku" kapena "dza" popanda khutu kumutsutsa. M'Chingerezi nthawi yakale ya aneni ambiri imakhala kumapeto, mu zilembo ziwiri za "ed". Tsono mawu a Chichewa amathera lembo laliwu, kotero kuti kaphokoso kakang'ono ka kumapeto kwa "finished" kamamezedwa poyankhula. Chimene khutu silidamve, chala sichilemba. Ngakhale lamya kapena kompyuta kawirikawiri siidula mzere wofiira pansi pa "finish", popeza mawuwo alembedwa molondola, angokhala pa nthawi yolakwika.

Zotsatira zake zimaoneka ku ofesi. Ntchito zomanga zimalipiridwa m'magawo, ndipo gawo lisanalipiridwe wa zomangamanga amapita kukaona ngati lathadi. Akawerenga chiganizo chija ngati kuti denga latha, amanyamuka, mafuta n'kuthera m'njira, n'kukapeza malata akhomedwa mbali imodzi yokha. Ulendowo uyenera kubwerezedwa. Akachiwerenga ngati kuti ntchito ikadali mkati pamene denga lidatha kale, sapita konse. Kontirakitala amadikira ndalama, amisiri amabalalika, ndipo ana amapitiriza kuphunzirira pansi pa mtengo mdadada uli poteropo.

Mlembi ali ndi njira zitatu zosankhapo. Ngati denga latha ndipo tsiku likudziwika, alembe "finished the roof on 20 June". Ngati latha koma tsiku silikutchulidwa, alembe "have finished the roof", zomwe zikufanana ndi "amaliza kufolera". Ngati akadali padenga, alembe "are still roofing". Pano pali chenjezo limodzi: "have finished" sayenda ndi tsiku la zomwe zidachitikazo. Tsiku likangotchulidwa, kaya ndi dzulo kaya ndi Lachisanu lapitali, "have" achoke.

Chiganizo chachitatu chilibe cholakwika pa malamulo a Chingerezi, komabe chikhoza kusocheretsa. Munthu akati "mjigo unawonongeka", womva amadziwa kuti mpaka lero madzi sakutuluka. N'chimodzimodzi ndi "mlatho unagwa" kapena "khoma linang'aluka": chinthucho chidachitika kale, koma vuto likadalipo. Mlembi akamasulira mawuwa liwu ndi liwu, amalemba "was broken". Wowerenga Chingerezi akhoza kumva kuti mjigowo udali wowonongeka pa nthawi ina, ndipo mwina udakonzedwa. Motero pempho la thandizo limasanduka mbiri yakale, palibe amene amatumiza okonza, omanga amasowa madzi osakanizira simenti, amayi nawo n'kubwerera kudambo. Vuto likakhala kuti likadalipo, mlembi alembe "is still broken", kapena "has been broken since 10 June". Mawu a "since" amafuna "has been", osati "is".

Imelo ija ikakonzedwa, ikhala chonchi:

"The contractor came on 3 June and brought cement. The builders are still roofing and will finish by 28 June. The borehole has been broken since 10 June."

Tsopano wa zomangamanga akudziwa kuti asanyamuke pasanafike pa 28 Juni, ndipo a ku ofesi ya zamadzi akudziwa kuti akufunika lero lomwe.

Njira yodzitetezera ndi yaifupi. Asanalembe liwu lililonse la Chingerezi, mlembi agawe nkhani yake m'magawo atatu: zomwe zatha, zomwe zikuchitika, ndi zomwe zatsala. Gawo lililonse likhale ndi ndime yakeyake ndi nthawi imodzi ya mneni. Nthawi zimasakanikirana kwambiri munthu akamalemba mmene zinthu zikubwerera m'mutu, za simenti, kenako za mvula, kenako za denga. Chachiwiri, ntchito iliyonse ikhale ndi tsiku. Tsiku limapulumutsa uthenga ngakhale mneni ataterereka, pakuti wolandira imelo pa 25 Juni akaona "finish on 20 June" adzadziwabe kuti ndi zakale. Chachitatu, asanatumize, mlembi awerengenso aneni okhaokha, n'kumufunsa aliyense kuti, kodi uyu ndi "da", "ku" kapena "dza"?

Mamembala a komiti ndi anthu a m'wodi ali ndi gawo lawo. Lipoti limapita m'dzina lawo, choncho n'koyenera kuti mlembi aliwerenge pamaso pawo ndi kulimasulira m'Chichewa lisanatumizidwe. Iye akamasulira kuti "amaliza kufolera" pamene aliyense akuona mapaso ali pamtunda, cholakwikacho chigwidwa pomwepo, galimoto isanathire mafuta. Ndipo pamene mlembi wakayika za mneni wa Chingerezi, aike chiganizo cha Chichewa pambali pake. Kwa wowerenga wodziwa Chichewa, "adafolera", "akufolera" ndi "adzafolera" sizisiya mpata woganizira.